Ana akujambula mivi, koma kuzizira sakukutchula

Ndapsa mtima ndipo sindibisa. Mwana wa achemwali anga, wa Fomu 1, wabwera ndi asayimenti ya kayendedwe ka madzi. Wajambula nyanja, dzuwa, mtambo ndi mivi itatu: wina wokwera, wina wopingasa, wina wotsika. Pa muvi uliwonse walemba dzina, evaporeshoni, kondenseshoni, mvula. Wakhoza zonse, cholembera chofiira chachonga bwinobwino. Ndiye ndamufunsa kuti, "Iwe, madzi akwera chifukwa cha dzuwa, chabwino. Nanga chawasandutsa mtambo n'chiyani?" Iye akuti, "Amalume, amangowunjikana kumwambako ngati utsi." Ngati utsi! Mwana wobadwira kuno ku Mulanje, amene m'mawa uliwonse amaona mtambo ukuphimba phiri ndi maso ake.

Pachithunzi chonsecho panalibe mawu oti kuzizira. Ndipo popanda kuzizira palibe mtambo, palibe mvula, palibe chozungulira chilichonse. Mivi itatu ija imalumikizana ndi zinthu ziwiri basi: kutentha kumakweza madzi, kuzizira kumawabweza. Mwana amene sadziwa zimenezi sadziwa phunziroli, angakhale atapatsidwa malikisi onse.

Tiyambe ndi kukwerako. Madzi safuna kuwira mpaka madigiri 100 kuti asanduke nthunzi. Zovala zimauma pachingwe popanda woziphika. Dzuwa likawomba pa Ruo, pa Likhubula, pa dothi lonyowa, madzi amachoka pang'onopang'ono n'kulowa mumpweya, ndipo masamba a tiyi ndi mitengo nawonso amatulutsa madzi amene mizu yakoka pansi. Nthunzi imeneyi siioneka. Ndibwereze: siioneka. Mpweya umene mukupuma pa Chitakale panopa uli ndi madzi, koma simukuwaona. Chimene mukuona choyera paphiri si nthunzinso ayi, ndi timadontho ta madzi enieni, tating'ono kwambiri, toyandama. Evaporeshoni yatha kale pamenepo, mwafika pa gawo lachiwiri.

Chawabweza n'chiyani? Kuzizira. Mpweya wofunda umasunga nthunzi yambiri, wozizira umasunga yochepa. Tengani mpweya wodzaza bokosi la mita imodzi mulitali, mulifupi ndi msinkhu. Pa madigiri 30 ungasunge magalamu pafupifupi 30 a madzi. Pa madigiri 20, pafupifupi 17. Pa madigiri 10, pafupifupi 9 okha. Ndiye tiyerekeze kuti mpweya wa m'munsi mwa phiri uli pa madigiri 25 ndipo wanyamula magalamu 17. Kumwamba kuli mbee, chifukwa pa kutentha kumeneko malo akadalipo. Mphepo iukankhire kuphiri. Ulibe kolowera, ukwera basi. Ukamakwera umafutukuka chifukwa mpweya woupanikiza ukuchepa, ndipo ukafutukuka umazizira, pafupifupi digiri imodzi pa mamita 100 alionse. Ukakwera mamita 500 kapena 600 wafika pafupi ndi madigiri 20, wadzaza. Kupitirira apo, madzi otsalawo amagwirira pa tifumbi, utsi ndi timchere ta m'nyanja toyandama mumpweya, n'kukhala timadontho. Mtambo ndi umenewo. N'chifukwa chake masiku ambiri mtambo umakhala ndi kunsi kosalala ngati wadulidwa, mbali ya m'munsi ya phiri ikuoneka, Sapitwa ndi mamita ake 3,002 atabisika. Mzere umenewo ndi pamene mpweya wazizira kokwanira.

Kodi zimenezi n'zovuta kumuuza mwana? Vundukulani mphika wa nyemba, muoneni chivundikirocho kunsi. Madontho ali mbwee. Achokera kuti? Nthunzi yagunda chitsulo chozizirirapo, yabwerera kukhala madzi. Phunziro lonse lili kukhitchini kwa amayi ake, koma ife tikumutuma kukopera chithunzi cha m'buku. Inde, ana ndi ambiri m'kalasi, mabuku ndi ochepa, tikudziwa. Koma kunena kuti "mpweya ukakwera umazizira" sikufuna labu.

Ndipo chinanso chimene chandinyansa, muvi wachitatu ukungochoka pamtambo kulunjika pansi, ngati mtambo uliwonse ndi mvula. Bodza. Kadontho ka mumtambo n'kakang'ono moti mpweya wokwera umakagwira osagwa. Pamafunika timadontho pafupifupi miliyoni imodzi kuti tiphatikizane tipange dontho limodzi la mvula la mamilimita awiri. Timagundana, timakula, tikalemera ndiye timagwa. M'mitambo italiitali ya mabingu ya dzinja, pamwamba pake pamazizira mpaka madzi kuundana, ndipo matalala amachokera kumeneko. Mtambo ukakhala wopyapyala, timadontho sitikula mokwanira, mumangoona nkhungu kapena mvula yowaza. Chiperoni ndi chimenecho. M'miyezi ya Juni ndi Julayi mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa imabweretsa chinyezi cha Nyanja ya India kudzera ku Mozambique, n'kukwera mapiri a Mulanje ndi Thyolo, n'kuzizira. Tsiku lonse kuwaza, zovala osauma. Zisauma bwanji? Mpweya wadzaza kale, ulibe malo olandira madzi ena. Mwaona? Nkhani ndi yomwe ija, kutentha ndi kuzizira.

Mukafuna kudziwa ngati mwana wamvetsa, musamufunse mayina. Mufunseni chifukwa chake mbali ya Lujeri ndi Muloza kumagwa mvula yambiri, tiyi ali biriwiri, pamene kuseri kwa phiri, ku chigwa cha Phalombe, kumakhala kouma kuposa kuno. Womvetsa ayankha kuti mpweya wataya madzi ake pokwera mbali ino, ndipo potsetsereka mbali inayo ukupanikizika, ukufunda, timadontho totsala tikusandukanso nthunzi, mtambo ukutha. Woloweza angoti kukamwa yasa. Mufunseninso kuti ngati madzi ambiri a mvula amachokera m'nyanja ya mchere, bwanji mvula ilibe mchere. Ngati sadziwa kuti chimene chimakwera ndi madzi okha, mchere n'kutsala, ndiye kuti muvi woyamba nawo anangoujambula.

Safunsa anadya phula. Koma mwanayu afunsa bwanji pamene tamuphunzitsa kuti kukhoza ndi kujambula mwaukhondo ndi kupaka dzuwa chikasu? Kuzizira, anthuni! Lembani pa muvi wachiwiriwo kuti mpweya wakwera ndipo wazizira. Chiganizo chimodzi. Popanda chimenecho asayimenti yonseyo ndi zokongoletsa.

Ndipo poti ndayamba, chithunzi chomwechi mvula ikungogwa n'kuthamangira m'nyanja, ngati pansi pano ndi simenti. Madzi olowa m'nthaka ali kuti? Akasupe ali kuti? Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi pa malo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi. Mvula ya mamilimita 50 pa hekitala imodzi ndi malita 500,000. Madzi onsewo ayenera kupita kwinakwake. Pamene pali mitengo ndi zinyalala za masamba, ambiri amalowa pansi n'kumatuluka pang'onopang'ono, ndiye mitsinje imayenda mpaka Okutobala, Ruo n'kukathira mu Shire ku Chiromo. Pamene tameta phiri, amatsika tsiku lomwelo ndi dothi lathu, ofiira. Tinaona Freddy mu Malichi 2023, sitikufunika wotifotokozera. Koma yang'anani njinga za makala zikutsika m'bandakucha, mikungudza yatha kumtunda, ndipo ogula makalawo ndi ife tomwe, makolo amene timasayina makope a anawa osawerenga n'komwe.