Kope lonse lachikasu, koma m'mutu mulibe

Abale anga a ku Kasungu kuno, makamaka inu muli ndi ana a Folomu 4, ndiloleni ndinene zomwe zakhala zikundivuta mumtima. Ana athu akuwerenga ndithu, ena mpaka usiku ndi tochi ya foni magetsi akazima. Koma ambiri mwa iwo akamati akuwerenga, kwenikweni akungopaka utoto m'makope.

Kwathu kuno ndimakhala ndi mwana wa mchemwali wanga, akukonzekera MSCE. Tsiku lina madzulo ndinamupeza pakhonde ali ndi kope la Agirikacha, hayilayita yachikasu ili kumanja. Mutu unali wa kayendedwe ka nayitirojeni m'nthaka. Nditayang'ana tsambalo, pafupifupi mzere uliwonse unali wachikasu, ndipo pomwe utoto unathera anapitiriza ndi kudula mizere kunsi kwa mawu ndi bolopeni yofiira. Ndinamufunsa ngati mutuwo waumva. Anati, “Eya Amalume, uwu ndiye ndaudziwa, ndaubwereza katatu.”

Ndinatenga kope lija n'kulitseka, n'kumufunsa funso limodzi lokha: “Bwanji agogo ako amati chimanga chimachita bwino pamunda pomwe chaka chatha panali mtedza?” Anakhala chete. Kenako anati, “Yankho ndikulidziwa, lili tsamba la kumanja, m'munsi, pafupi ndi chithunzi cha mizu.” Malo a yankho ankawakumbukira bwinobwino, ngakhale mtundu wa utoto. Yankho lenilenilo silinabwere.

Mwanayu si waulesi, ndipo sananame. Anamvadi mumtima kuti akudziwa. Vuto ndi loti kuzindikira chinthu ukachiona ndi kuchitulutsa m'mutu pomwe palibe chokukumbutsa ndi ntchito ziwiri zosiyana. Amene munaimbako kwaya mukudziwa izi. Nyimbo ukamaimba pakati pa anzako, mawu amangobwera okha, ndipo umaona ngati waigwira. Tsiku lomwe akuuza kuti uyambitse wekha ndime yachiwiri, m'pomwe umazindikira kuti unkangotsatira. Tsamba lopakidwa utoto lili ngati anzako a m'kwaya aja. Maso akafika pa mawu achikasu, mtima umati, “Awa ndawaonapo,” ndipo mwana amaganiza kuti waloweza. Koma m'chipinda cha mayeso a MANEB mulibe tsambalo. Muli funso ndi pepala loyera basi.

Chinanso, kupaka utoto sikufuna kuti munthu aganize kwambiri. Dzanja limatha kuyenda mutu uli kumpira. Ndipo mwana amapaka pa ulendo woyamba, asanafike n'kumapeto kwa ndime, ndiye sanadziwe kuti mfundo yaikulu ndi iti. N'chifukwa chake amapaka zonse. Ukapaka zonse, palibe chomwe wasankha.

Izi si maganizo anga okha. M'chaka cha 2006, akatswiri awiri a ku America, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, anapatsa ophunzira a payunivesite nkhani zazifupi kuti awerenge. Pambuyo pake, nkhani ina ankaiwerenganso kachiwiri, pomwe ina ankaitseka n'kulemba zonse zomwe akukumbukira. Atawayesa patangopita mphindi zisanu, kuwerenga kawiri kunapambana pang'ono. Koma atayesedwa patapita sabata, zinatembenuka: pa mfundo 100 zilizonse, kuwerenga kawiri kunasunga pafupifupi 42, kudziyesa kunasunga pafupifupi 56. Taonani msampha wake. Usiku womwewo, njira yofooka ndi imene imaoneka ngati ikugwira ntchito. Kusiyana kumadzaoneka patapita masiku, ndipo mayeso amabwera patapita miyezi.

Mu 2013, katswiri winanso wa ku America, John Dunlosky, ndi anzake anaunika njira khumi zomwe ophunzira amagwiritsa ntchito. Kupaka utoto ndi kudula mizere anaziika m'gulu la njira zothandiza pang'ono. Pamwamba anaika ziwiri: kudziyesa ndi mafunso, komanso kugawa kuwerenga pa masiku otalikirana. Apa ndiyenera kunena chilungamo, chifukwa ena angatenge mbali imodzi yokha ya zomwe ndikunena. Kubwereza kuwerenga pakokha nakonso anakuika m'munsi. Kubwereza katatu motsatizana usiku umodzi, ngati mmene anachitira mwana uja, sikupindula kwenikweni, chifukwa ulendo wachiwiri ndi wachitatu maso amangotsetsereka. Kubwereza komwe ndikuikira kumbuyo ndi kwina: kobwerera patsamba uli ndi funso lomwe lakukanika, komanso kobwerera patapita masiku, zinthu zitayamba kuzimiririka.

Tsono madzulo amenewo tinachita chonchi. Ndinamuuza kuti aike hayilayita pambali, awerenge ndime yonse kamodzi mofatsa, osalemba kanthu, cholinga chikhale kumva nkhani yake. Atamaliza, tinatseka kope n'kuliika pansi pa mpando. Anatenga pepala lopanda kanthu, ndipo ndinamuuza kuti adzifunse yekha mafunso atatu n'kuwayankha polemba. Loyamba linali losavuta: nayitirojeni amapezeka kuti wambiri? Analemba kuti mumpweya, pafupifupi magawo 78 pa 100 aliwonse. Anakhoza. Lachiwiri: nanga ngati ali wambiri chotere, bwanji timavutika kugula feteleza wa Yureya? Apa anaganiza nthawi yaitali, akuluma bolopeni, kenako analemba kuti mbewu sizingathe kumugwiritsa ntchito mmene alili mumpweyamo, ayenera kusinthidwa kaye kuti mizu ithe kumuyamwa m'nthaka. Funso limeneli munalibe m'kope mwake, koma yankho analipanga yekha polumikiza mizere iwiri yomwe poyamba inali yachikasu payokhapayokha.

Lachitatu linali la mtedza lija. Analemba kuti mizu ya mtedza imapanga nayitirojeni. Ndinamuuza kuti tsopano atsegule kope aone. Anawerenga ndime ija kachiwiri, ndipo nkhope yake inasintha. “Aa, si mizu ayi Amalume, ndi mabakiteriya a raizobiyamu okhala m'timatuza ta pamizu. Ndipo sapanga, amangotenga wa mumpweya n'kumusintha.” Kuwerenga kwachiwiri kumeneko sikunatenge ngakhale mphindi ziwiri, koma kunali ndi ntchito, chifukwa maso ankafunafuna chinthu chimodzi chomwe chasowa. Tinapita kuseri kwa nyumba komwe kuli timizere ta soya, tinazula chitsamba chimodzi, anaona timatuza tija ndi maso ake. Titang'amba kamodzi ndi chikhadabo, m'kati munali mofiirira.

Pokhapo ndi pomwe ndinamubwezera hayilayita. Ndinati apake mawu okhawo omwe anamugwetsa, osati ndime yonse. Anapaka “mabakiteriya” ndi “amasintha”, ndipo m'mphepete mwa tsamba analemba funso lija. Choncho sindikunena kuti tiwalande ana zopakirazi. Utoto uli ndi ntchito yake, ndiwo chizindikiro chosonyeza pobwerera, monga mmene mlimi amazikira kamtengo pamalo pomwe mbewu sizinamere kuti adzapakize. Koma kuzika kamtengo si kupakiza.

Mawa lake sitinaukhudze mutuwo. Tinabwererako patapita masiku awiri, kope lili chitsekere. Za mtedza anayankha bwino. Chomwe chinathawa ndi chifukwa chake chimanga cha m'dambo lodikha madzi chimachita chikasu ngakhale wathira feteleza. Anadandaula kuti, “Ndiye kuti mutu wanga sugwira.” Ndinamuuza kuti kuiwala koteroko n'kwa munthu aliyense. Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anasonyeza kalekale, mu 1885, kuti zomwe taphunzira zimathawa mofulumira kwambiri m'maola ndi masiku oyambirira, kenako kuthawako kumachepa. Ukavutikira kukumbukira chinthu chomwe chayamba kuthawa, n'kuchipeza kapena kuchiwerenganso, chimakhala nthawi yaitali kuposa poyamba. Anatsegula, anapeza kuti m'nthaka yodzadza madzi mumasowa mpweya, ndiye mabakiteriya ena amasandutsa nayitireti, yemwe ndi nayitirojeni wosinthidwa uja amene mizu imayamwa, kukhalanso nayitirojeni wa mumpweya, wina n'kukokoloka ndi madzi kupita pansi. Tinapangana zodzabwereranso patapita sabata, kenako patapita mwezi.

Njirayi ili ndi pomwe imalakwika, ndipo ndaziona. Mwana akadzifunsa koma osatsegula kope kuti aone ngati wakhoza, amatha kulimbitsa bodza. Uja akanapitiriza kunena kuti mizu imapanga nayitirojeni kasanu konse osayang'ana, bwenzi cholakwikacho chitakhazikika. Kulakwika kwina ndi kusuzumira. Funso likangovuta pang'ono, dzanja limathamangira kukope, mwana n'kunena kuti, “Eya, ndimafuna kunena zomwezo.” Ayi, sunanene. N'chifukwa chake ndimalimbikira kuti yankho lilembedwe papepala kapena linenedwe mokweza, kuti pakhale umboni. Komanso mafunso onse akakhala a “n'chiyani” ndi “ndani”, mwana amaloweza timawu tokhatokha. Pakhale ena a “chifukwa chiyani”, “zimachitika bwanji”, “nanga zikanakhala kuti”. Ndipo ngati mutuwo sanaumve n'komwe m'kalasi, kudzifunsa sikungalowe m'malo mwa kufotokozeredwa. Pamenepo apite kaye kwa aphunzitsi kapena kwa mnzake amene anamva.

Chomwe chimandikhudza kwambiri ndi chakuti m'masukulu ambiri oyendera a kuno, buku limodzi amagawana ana angapo, ndipo wina amalibwereka usiku umodzi wokha. Buku lobwereka sungalipake utoto, ndipo mawa ulibweza. Mwana wotereyu akawerenga ndime, n'kutseka, n'kulemba m'kope mwake mafunso ndi zomwe wakumbukira, n'kutsegulanso kukonza zolakwika, bukulo likabwerera kwa mwini wake iye watsala ndi kanthu. Mafunso omwewo angafunsane ndi mnzake panjira yopita kusukulu, kapena akutongola mtedza pakhomo.

Inu makolo, ngakhale Chingerezi cha m'kopemo chitakuvutani, mungathe kuthandiza. M'malo mofunsa kuti “Wawerenga?”, tengani kopelo m'manja mwanu, munene kuti, “Tandifotokozera m'Chichewa zomwe wawerengazi.” Mumva nokha pomwe akuyenda bwino ndi pomwe wayamba kuzungulira. Pomwe wazungulirapo, mubwezereni kope awerengenso.

Lamlungu lapitali agogo ake anabwera kuchokera ku Santhe. Tikudya nsima, anayamba kudandaula za mtengo wa feteleza, n'kunena kuti chaka chino chimanga achibzala pomwe panali mtedza. Mwana uja anasiya kudya n'kuyamba kuwafotokozera za timatuza ta pamizu ndi tizilombo tosaoneka tokhala m'katimo, kope lili m'chipinda. Agogo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa ngati nandolo nayenso amatero. Anaganiza kaye, n'kuyankha kuti eya, pakuti naye ndi wa gulu la nyemba, koma akatha kudya akayang'ana kuti atsimikize.