Mwezi umakoka madzi, inde, koma nanga bwanji amakwera kawiri?

Pali yankho lina limene limandivuta mtima nthawi zonse ndikalimva. Mwana akafunsa chifukwa chake madzi a m'nyanja yamchere amakwera n'kuphwanso, timamuyankha kuti mwezi umakoka madzi, basi nkhani yathera pomwepo. Si bodza ayi, koma ndi theka chabe la yankho, ndipo theka lotsalalo ndi limene lili ndi nzeru yonse. Taganizani, mwezi ulipo umodzi, ndipo umadutsa pamwamba pathu kamodzi patsiku. Zikanakhala kuti nkhani ndi kukoka kokha, bwenzi madzi akukwera kamodzi. Koma pitani ku Beira mukakhale pagombe tsiku lathunthu, mudzaona madzi akukwera kawiri n'kuphwa kawiri. Kukwera kwachiwiriko kumachitika mwezi uli kuseri kwa dziko, kunsi kwa mapazi anu. Ndiye akuwakoka ndani?

Chimene timaiwala n'chakuti mwezi sukoka madzi okha. Umakoka dziko lonse, miyala, mapiri, ndi ife tomwe. Ndipo mphamvu yokokayo imachepa chinthu chikamatalikira. Mwezi uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,000, pamene dziko kuchoka mbali ina kufika mbali inayo ndi makilomita pafupifupi 12,700. Choncho mbali yoyang'anana ndi mwezi imakokedwa kwambiri, pakati pa dziko pamakokedwa mocheperako, mbali yakuseri imakokedwa mochepa kuposa zonse.

Ine ndimakonda kufotokoza ndi ana atatu amene atumidwa kuchigayo, akuyenda mondondozana. Wakutsogolo akuthamanga, wapakati akuyenda ndawala, wam'mbuyo akuyenda mwachidodo. Onse akulowera kumodzi. Koma mufunseni wapakatiyo zimene akuona. Akuuzani kuti mnzake wakutsogolo akumutalikira, ndipo akacheuka, wam'mbuyonso akumutalikira. Palibe amene akumukokera chammbuyo mwana wachitatuyo, akungotsalira. Ndi mmene zilili ndi madzi a kuseri kwa dziko. Dziko limakokedwa kuposa iwowo, ndiye amatsalira n'kutundumuka. Mbali ziwiri zotundumuka, ina moyang'ana mwezi, ina kuseri. Dziko likamazungulira, gombe lanu limakumana ndi zonse ziwirizo. Amene anayamba kufotokoza zimenezi ndi masamu anali Isaac Newton, m'chaka cha 1687.

Umboni woti chofunika ndi kusiyana kwa kukoka, osati kukula kwake, ndi dzuwa. Dzuwa limakoka dziko mwamphamvu kuposa mwezi maulendo pafupifupi 180. Komabe pa nkhani yokweza madzi, mphamvu yake siifika ndi theka lomwe la ya mwezi. Chifukwa chake lili kutali kwambiri, makilomita 150 miliyoni, moti kwa ilo mbali ziwiri za dziko zili ngati pamalo amodzi. Amene amaphunzitsa kuti ndi kukoka basi alibe poyankhira apa.

Mungathe kudziwanso kuti mwini nkhaniyi ndi mwezi pongoyang'ana wotchi. Kuchoka pamene madzi adzaza kufika podzazanso sipadutsa maola 12 enieni, pamadutsa maola 12 ndi mphindi pafupifupi 25. Tinene kuti lero madzi adzaza 6 koloko m'mawa. Aphwa itangopitirira 12 koloko masana, adzazanso cha m'ma 6:25 madzulo, ndipo mawa m'mawa adzaza cha m'ma 6:50. Tsiku lililonse amachedwa ndi mphindi pafupifupi 50. Pakatha sabata, nthawi imene munapeza madzi atadzaza mudzapeza mchenga wokhawokha. Kuchedwaku kumabwera chifukwa mwezi sunaime. Pamene dziko likumaliza kuzungulira kamodzi, mwezi umakhala utasunthira patsogolo pa ulendo wake, ndiye dziko limafunika kuwonjezera mphindi 50 kuti liupeze. Aliyense amene anakulira kumudzi akudziwa kuti mwezi umachedwerachedwera kutuluka usiku uliwonse. Ndi kuchedwa komweko.

Dzuwa nalo lili ndi gawo lake. Mwezi ukakhala wathunthu, kapena ukalowa mumdima, dzuwa, dziko ndi mwezi zimakhala pa mzere umodzi, mphamvu zawo n'kuphatikizana. Masiku amenewo madzi amakwera kwambiri n'kuphwanso kwambiri. Mwezi ukakhala theka, ziwirizi zimakoka mopingasana, ndipo madzi amangosuntha pang'ono. Zimasinthana chonchi sabata ndi sabata, n'kubwereza pa masabata awiri alionse. Ku Beira kusiyanaku n'kwakukulu zedi. Masiku a madzi ambiri, pakati pa kudzaza ndi kuphwa pamatha kupitirira mamita 6, ndipo sitima zikuluzikulu zimadikira madzi akwere kuti zilowe padoko. Ena mwa katundu ndi mafuta obwera kuno kwathu amadzera padoko limeneli, choncho nkhaniyi si yachilendo kwa ife monga mmene timaganizira. Namondwe wa Idai atafika ku Beira usiku wa pa 14 Malichi 2019, mwezi unali theka, nthawi imene madzi sakwera kwambiri. Chionongeko chinali choopsa kale. Ndimachita mantha ndikaganiza kuti akanafika patatha sabata, mwezi uli wathunthu, madzi a m'nyanja akanalowa mpaka pati.

Funso limene Mmalawi aliyense amafunsa n'lakuti, nanga nyanja yathuyi bwanji? Ku Nkhata Bay kapena ku Senga Bay simudzaona madzi akuthawa gombe masana n'kubwerera madzulo. Apa mpamene chithunzi cha mwezi wonyamula madzi m'mwamba chimatisokoneza. Mphamvu imeneyi ndi yaing'ono kwambiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 miliyoni a mphamvu imene dziko limatikokera pansi. Siinganyamule ngakhale madzi a mu ndowa. Chimene imachita ndi kukankha madzi cham'mbali pang'onopang'ono, ndipo kuti kukankhako kuunjike madzi ooneka ndi maso, pamafunika nyanja yotambalala makilomita masauzande ambiri. Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita osakwana 600 ndipo ndi yopapatiza. Imasuntha ndithu, koma pang'ono kwambiri moti mafunde a mwera amakwirira zonse. Kukwera ndi kutsika kumene timakuona kunyanja kwathu n'kwa mvula ndi chilimwe.

Ndivomereze kuti chitsanzo changa cha mbali ziwiri zotundumuka chili ndi malire ake. Chimafotokoza bwino chifukwa chake n'kawiri, koma sichingakuuzeni ola kapena mamita a gombe lina lililonse. Madzi sayenda momasuka kuzungulira dziko, amatchingidwa ndi Africa, America ndi maiko ena. Nyanja iliyonse imakhala ngati beseni limene mukuligwedeza, madzi akukhavukira uku ndi uku malinga ndi kukula ndi kuya kwake. Pakati pa nyanja yakuya madzi sakwera n'komwe kufika mita imodzi m'malo ambiri, koma akafika posaya ndi popanikizika amaunjikana. N'chifukwa chake Beira, imene ili kutsogolo kwa malo osaya a Sofala, imaona mamita 6 pamene Durban imaona mamita awiri okha. Ku Bay of Fundy ku Canada amafika mamita 16, ndipo m'magombe ena a Gulf of Mexico madzi amakwera kamodzi kokha patsiku. Mwezi ndi womwewo, kusiyana ndi mabeseni.

Pempho langa kwa aphunzitsi ndi makolo ndi laling'ono. Mwana akafunsa, musamalekeze pa mawu akuti mwezi umakoka. Mufunseni kuti, nanga kachiwiriko n'kochokera kuti? Kenaka muitane anzake awiri, muwaimike pamzere pabwalo, ayambe kuyenda.