Miyezi 26 imene ija sindipepesa

Ndapsa mtima ndipo ndinena pompano. Lachiwiri ndinali ku intavyu ya ukalaliki wa za ndalama ku Limbe. Anthu anayi kuseri kwa tebulo, aliyense sivi yanga ili patsogolo pake, mphindi 40 zathunthu. Anandifunsa za kuyanjanitsa mabuku ndi sitetimenti ya kubanki, ndinayankha. Anandifunsa za msonkho wodula pa malipiro, ndinayankha. Anandifunsanso kuti ndimadziona ndili pati zaka zisanu zikubwerazi, ngati ine ndine mlosi, ndinayankhabe. Pomaliza bambo anakhala pakati aja anati, “Tilibenso funso, mayi, muyende bwino.”

Lachinayi madzulo ndili mu minibasi ya ku Chilomoni, thumba la ufa la munthu wina lili pa maondo anga, kondakitala akukuwa, foni yalira. Bambo omwe aja. “Mayi, pepani, taona kuti kuyambira 2020 mpaka 2022 sipakuoneka kanthu apa. Munkatani nthawi yonseyi?”

Munkatani! Mawu ake ngati a wapolisi wofunsa munthu amene wagwidwa ndi mbuzi ya eni. Pepala lomwelo anali nalo Lachiwiri. Miyezi ndinalemba ndekha, sindinabise: ntchito yoyamba Malichi 2016 mpaka Juni 2020, yachiwiri kuyambira Seputembala 2022. Mpatawo unali pomwepo, kukamwa yasa, pamaso pa anthu anayi ophunzira. Mphindi 40 sanauone, kudzauona ine ndili pa mpando wakumbuyo wa minibasi?

Koma amene wandikwiyitsa kwambiri si bambowo ayi. Ndine mwini. Chifukwa mawu oyamba kutuluka pakamwa panga anali akuti “pepani bwana”. Pepani chiyani? Kenako ndinayamba kubwebweta. Ndinafotokoza za Kovidi, ndinalumphira pa matenda a amayi, ndinanena za usiku wogona pansi m’wodi, ndinatchula ngakhale za mchimwene wanga amene sankatumiza ndalama. Minibasi yonse inamva za banja lathu. Bambowo ankangoti “ehe, ehe, chabwino”, ndipo foni itaduka ndinadziwa kuti ndayankhula ngati munthu wolakwa amene akupempha chikhululuko. Chonsecho palibe chimene ndinalakwa.

Kukhala pa ulova si mlandu. Ndibwereze kuti a kumbuyo amve: miyezi imene munthu sunali pa ntchito yolembedwa si mlandu woti ukaimire pa bwalo. Ine ndinkagwira pa loji ina m’mbali mwa nyanja ku Mangochi. Mu Epulo 2020 ndege zinasiya kutera, alendo anasowa, zipinda zinangokhala mbee, ndipo pakutha pa Juni tinapatsidwa makalata anthu ambiri tsiku limodzi. Chakudza sichiimba ng’oma. Mu Januwale 2021 amayi anagwa ndi sitiroko, ndipo pa ana onse amene analibe ntchito ndinali ine, ndiye gadiyani anali ndani? Ndinawadwazika kuchipatala, kenako kumudzi ku Ntcheu, uku ndikuyendetsa kabenchi kotumizira ndi kulandirira ndalama za pa foni kuti tipeze ya sopo ndi ya mankhwala. Miyezi 26. Pamenepa ndipepese chiyani, ndipo ndipepese kwa yani?

Ndikudziwa chimene amaopa, si chinsinsi: ntchito yogwira ndalama, ndiye akaona mpata amaganiza kuti mwina unachotsedwa utaba, kapena unali kundende, kapena ntchito unaiwala. Chabwino. Funsani. Koma funsani m’chipinda muja, anzanu anayi akumva, wina akulemba, ine nditakhala pa mpando mtima uli m’malo. Yankho la m’chipinda limamveka ndi onse. Yankho la pa foni limamveka ndi munthu mmodzi, ndipo iyeyo ndiye akakauze anzake mwa mawu ake. Ndani akudziwa kuti akakanena chiyani? “Aa, mayi uja ali ndi mavuto ambiri a kunyumba.” Basi, ntchito yapita, chifukwa cha nkhani imene ndinaifotokoza ndili wopanikizika pakati pa thumba la ufa ndi zenera.

Usiku umenewo tulo sindinatione. M’mawa wa Lachisanu ndinachita chimene ndikanachita pa foni pomwe paja ndikanakhala kuti mutu unali bwino. Chimene ndikanayankha ndi ichi: “Zikomo bwana, pano ndili pa msewu, ndikulemberani yankho mawa m’mawa.” Zokwanira. Palibe bwana wanzeru amene angakane zimenezo, ndipo akakana ndiye kuti wakuonetsa kale mmene adzakhalire nawe pa ntchito. Ndiye ndinalemba imelo, ndinaitumiza kwa iwo komanso ku adiresi imene inandiitana ku intavyu, dala, kuti ilowe mu failo yanga osati m’makutu mwa munthu mmodzi. Ndinalemba chonchi:

“Bwana, zikomo pondiimbira dzulo. Pa funso lanu la nthawi ya pakati pa Julayi 2020 ndi Ogasiti 2022: ntchito yanga inatha pa 30 Juni 2020 pamene kampani inachepetsa antchito chifukwa cha Kovidi, ndipo kalata yotsimikiza zimenezi ndaiphatikiza. Kuyambira Januwale 2021 ndinkasamalira kholo langa lodwala, kwinaku ndikuyendetsa bizinesi yaing’ono ya ndalama za pa foni, imene mabuku ake ndinkalemba ndi kuyanjanitsa tsiku ndi tsiku. Nkhani ya matendayo inatha, ndipo kuyambira Seputembala 2022 ndakhala pa ntchito mosadukiza. Amene anali mkulu wanga ku Mangochi angathe kuchitira umboni, nambala yawo ili pa sivi.”

Werengani bwino. Muli mawu akuti “pepani” mmenemo? Mulibe. Muli dzina la matenda? Mulibe, si ntchito yawo. Muli mchimwene wanga? Mulibe. Muli madeti, muli chifukwa, muli umboni, muli chiganizo chimodzi chowauza kuti zinatha. Chiganizo chimenecho ndiye chofunika, chifukwa funso lenileni la bwana si lakuti unali kuti, koma lakuti kodi sudzasowanso Lolemba lina. Ukaliyankha limenelo wamaliza. Zina zonsezo ndi zako, za m’nyumba mwako.

Kalata ndikunenayo si ya chifundo cha bwana ayi. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000, gawo 31, limati ntchito ikatha, wantchito akapempha, bwana ampatse satifiketi yosonyeza nthawi imene wagwira, udindo wake ndi malipiro ake, ndipo chifukwa chimene ntchito yathera chimalembedwa ngati mwini wake wapempha. Ine ndinapempha kuti alembe, ndipo lero ndikuthokoza kuti ndinatero ngakhale tsiku limenelo misozi inali m’maso. Pepala limenelo ndi limene likunena m’malo mwanga kuti sindinabe. Inu amene mukuchotsedwa ntchito masiku ano, musatuluke pa geti ndi envulopu ya ndalama yokha. Ndalamazo zitha mwezi wamawa, pepalalo mudzalifuna patapita zaka zinayi mu minibasi ya ku Chilomoni.

Mnzanga wina nditamuuza anaseka, ati ndine wopusa. “Ukanangokoka madeti, unene kuti ku loji unachoka 2022. Kapena ulembe kuti unali konsalitanti.” Konsalitanti wa ndani, wa amayi anga pa mphasa? Ndipo kukoka madeti ndiye kudzikumbira dzenje. Aimba foni imodzi ku Mangochi, bodza lagwa. Sitetimenti ya penshoni imasonyeza mwezi womaliza umene bwana anaponya ndalama, bodza lagwanso. Ndiye munthu amene unangokhala wopanda ntchito usanduke wabodza, pa ntchito yosunga ndalama za eni? Mpata umafotokozeka m’ziganizo zinayi. Bodza likagwidwa mulibe chiganizo chimene chingalipulumutse, ndipo angathe kukuchotsa nalo ngakhale utayamba kale ntchito. Ayi, miyezi yanga 26 ikhale pomwepo, ioneke, ndi yanga.

Ndipo kunama ndi kupepesa ndi ana a mimba imodzi. Onse awiri amavomereza kuti pali chochititsa manyazi. Wonama akubisa, wopepesa akugwada. Ine sindibisa ndipo sindigwada. Ndinasambitsa mayi wondibereka, ndinawerenga makobidi a anthu pa benchi dzuwa likuswa mtengo, madzulo buku ndi ndalama za m’thumba n’kumagwirizana mpaka tambala yomaliza, chifukwa ikasowa imachoka m’thumba mwanga momwe. Uko si kuiwala ntchito. Mwina ndiye kumene ndinaiphunzira bwino kuposa mu ofesi ya mphepo yozizira.

Chimene chimandiwawa n’chakuti funsoli limagwera kwambiri ife akazi. Amene amasiya zonse kukagona m’wodi ndani? Amene amakhala pakhomo mwana akabadwa wodwaladwala ndani? Lamulo lomwe lija pa gawo 5 limaletsa kusala munthu pa ntchito chifukwa cha udindo wosamalira banja, koma pa foni ya madzulo palibe mboni, palibe cholembedwa, ndiye ukakasuma ndi chiyani m’manja? N’chifukwa chake ndikuti lembani. Akakuimbirani, yankhani ndi cholemba. Ndipo inu mabwana oimba mafoni, mipando mwakhalayo ilibe mizu. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Tsiku lina kampani idzachepetsa antchito dzina lanu lili pa mndandanda, ndipo mwana wina wa zaka 28 adzakuimbirani muli pa mzere wa mafuta n’kukufunsani kuti, “Bambo, munkatani nthawi yonseyi?” Ndikufuna ndidzamve ngati mudzayambe ndi “pepani”.

Imelo ija sanayankhe mpaka pano. Ndipo nayonso ndi nkhani ina. Munthu wapempha tsiku ku ntchito monamizira maliro, wasita zovala ndi makala chifukwa magetsi kulibe, wajambulitsa masatifiketi onse n’kukadinditsa ndi ndalama zake, wakwera maminibasi awiri, wadikira pa benchi kuyambira 8 koloko mpaka 11. Inu kulemba mzere umodzi woti “talandira” kapena “sitinakutengeni” kukukanikani. Mayunitsi oimbira kufunsa za 2020 munali nawo.