Neti si chitenje, tisamaichape ngati chitenje

Loweruka lapitali nditapita kukatunga madzi pamjigo wathu kuno kwa Santhe, ndinapeza alamu anga atagwada pasimenti yochapirapo, neti ili m'manja. Anali ataiviika m'sopo waufa kuyambira m'mawa, thovu lili tho m'bafa. Ankaipikicha, kuikwecha pasimenti, kenako kuipotokola mwamphamvu ngati bulangeti. Atatha anakaiyanika pampanda waudzu, dzuwa lili phwee.

Ndinati, "Alamu, netiyo mukuipweteka." Iwo anandiyankha kuti, "Nanga ndizigona m'chinthu chakuda chonchi, alamu? Apongozi akalowa kuchipinda adzati ndine mkazi wamtundu wanji?"

Yankho limenelo ndalisinkhasinkha sabata yonse, chifukwa alamu angawo sanachite zaulesi kapena zaumbuli. Anachita zomwe tonse tinaphunzitsidwa tili atsikana, zoti chovala chochapidwa bwino ndi chomwe chayera mbee, ndipo chimayera ndi mphamvu za m'manja komanso dzuwa. Maganizo anga ndi akuti lamulo limeneli ndi la zovala, ndipo tikalitengera ku neti timawononga zinthu ziwiri nthawi imodzi, ulusi wake ndi mankhwala ake.

Ndiyambe ndi mankhwala, poti ndiwo saoneka ndi maso. Akuluakulu mukukumbukira nthawi ya maneti a Chitetezo, pomwe tinkagula M'bwezera Chitetezo n'kunyika neti tokha m'beseni mankhwala akatha mphamvu. Maneti omwe timalandira masiku ano kusikelo ya amayi oyembekezera kapena pakagawidwe ka boma ndi ena. Mankhwala ake amaikiratu kufakitale, ndipo sitinyikanso. Zimenezi zinatipeputsira ntchito, koma zikutanthauzanso kuti mankhwala omwe neti yabwera nawo ndi omwewo basi. Akapita ndi thovu pamjigo, palibe kowabwezera.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse limafuna kuti neti yamtunduwu izitha kupha udzudzu ngakhale itachapidwa ka 20, komanso kuti igwire ntchito zaka zitatu. Anthu ambiri akamva 20 amati ndi kambiri. Tiyeni tiwerenge. Zaka zitatu ndi miyezi 36. Wochapa kamodzi pa miyezi itatu iliyonse, monga amalangizira a zaumoyo, achapa ka 12, ndipo atsala ndi mpata wa tsiku lomwe mwana wadwala n'kusanzira neti. Wochapa mwezi ndi mwezi afika pa 20 zaka ziwiri zisanakwane. Alamu anga anandiuza kuti amachapa kawiri pamwezi, tsiku lomwe akuchapa zofunda. Ndiye kuti pa miyezi 10 yokha, 20 uja anali atamumaliza. Chaka chachiwiri ndi chachitatu, mvula ya Januwale ndi Febuluwale ikamadzaza madambo, udzudzu uli ng'waa, ana akugona m'neti yomwe palibe angatsimikize kuti ikadali ndi mphamvu.

Komanso kachapidwe komwe amayesera ka 20 kaja si kathu ka pamjigo ayi. Amadula tizidutswa ta neti, kutiika m'madzi a sopo wochepa, kutikhutchumula kwa mphindi 10, kutsukuluza, n'kuumitsa popanda dzuwa. Palibe mwala, palibe bulashi, palibe jiki. Choncho sitinganene kuti kuchapa kumodzi kwa alamu anga, kwa sopo waufa, simenti ndi dzuwa la Okutobala, n'kofanana ndi kumodzi kwa kumeneko.

Maneti ali mitundu iwiri yomwe mungaisiyanitse pongogwira. Ina ndi yofewa ngati nsalu, ndipo mwa yambiri yotere mankhwala anamatidwa kunja kwa ulusi. Mukaikwecha mumakhala mukupala mankhwalawo mwachindunji. Ina ndi yolimbirako ngati pulasitiki, ija ena amadandaula kuti imakanda. Imeneyo mankhwala ali m'kati mwa ulusi, ndipo amatuluka pang'onopang'ono kubwera pamwamba. Mukaichapa, apamwambawo amachoka, ndipo pamatenga masiku kuti ena atuluke. Wochapa pafupipafupi saipatsa mpata umenewu, komanso amafulumiza kutha kwa omwe ali m'katimo. Mitundu yonse iwiri imadana ndi dzuwa, chifukwa kuwala kwake kumawononga mankhwala ophera udzudzu. N'chifukwa chake ngakhale neti yatsopano amati tiiyanike pamthunzi tsiku lathunthu tisanagonemo, osati padzuwa.

Tsono ulusi. Titaichotsa neti ya alamu pampanda paja, ndinaitambasula kuti aone okha. Tinapeza mabowo asanu ndi awiri. Anayi anali ang'onoang'ono olowa chala, ndipo anali motsatana mbali yomwe ankakwecha pasimenti. Awiri anali pomwe udzu wa mpanda unakola pochotsa. Limodzi, lolowa chibakera, linali pangodya pomwe pamakhala kachingwe kokolekera, ndipo msoko unaphwasuka chifukwa chopotokola. Neti yonyowa imalemera, ndiye mukaipota kapena kuikoka, mphamvu yonse imathera m'misoko ndi m'ngodya. Alamu ankaganiza kuti ndi makoswe. Makoswe amaboola ndithu, sindikukana, koma khoswe saboola mabowo anayi pamzere umodzi.

Bowo ndi mankhwala zimayenderana. Neti ikakhala ndi mankhwala amphamvu, udzudzu woyendayenda pa iyo kufunafuna polowera umakhudza mankhwalawo kambirimbiri, ndipo wambiri umafa kapena kuthawa usanapeze kabowo. Mankhwala akachepa, umafufuza mosatekeseka usiku wonse mpaka kupeza. Ndiponso mwana akagona mkono utatsamira neti, umamuluma kudzera m'timaso ta neti momwemo. Kachapidwe kankhanza kamachepetsa mankhwala n'kuwonjezera mabowo tsiku limodzi lomwelo.

Mmene ndimachapira ine ndi motere, ndipo sizitenga nthawi. Ndisanaimasule ndimayamba ndaikung'untha fumbi panja mofatsa, ndipo ndikaona bowo ndimasoka kaye, chifukwa bowo lolowa m'madzi limatulukamo litakula. Ndimathira madzi ozizira m'bafa losalala, lopanda mng'alu kapena chogwirira chothyoka choti n'kukola. Ndimatenga sopo wamtanda wamba, kumupaka m'manja mwanga m'madzimo mpaka atachita thovu pang'ono, sopoyo n'kumuika pambali. Sindipaka sopo paneti penipeni. Kenako ndimaimiza neti n'kumaidinikiza ndi zikhatho, kuitembenuza, kuidinikizanso, kwa mphindi zochepa chabe. Mbali ya m'munsi yomwe timapisira kunsi kwa mphasa kapena matiresi ndiyo imada kwambiri, ndiye imeneyo ndimaifikisa pang'ono ndi zala. Ndimatsukuluza kawiri ndi madzi oyera, kuikweza kuti madzi akhe okha, n'kuipsinja pang'ono osapotokola. Poyanika ndimasankha pakhonde kapena pansi pa mtengo wa mango, pachingwe chosalala kapena pamkeka woyera. Ndikachapa m'mawa, pofika madzulo imakhala itauma, ndipo usiku womwewo imabwerera pamalo pake. Izi n'zofunika, chifukwa ena amachapa madzulo, neti n'kugona panja, ana n'kugona pamtunda.

Madzi ochapirawo asatayidwe paliponse. Mankhwala a m'neti amapha nsomba ngakhale atachepa. Anzathu okhala m'mbali mwa Bua, Rusa kapena Dwangwa, neti isachapidwire mumtsinje, ngakhalenso padambo kapena pafupi ndi damu la nsomba. Tungani madzi, chapirani kunyumba, otsalawo thirani m'dzenje kutali ndi chitsime.

Ndikudziwa chomwe ambiri anganene, ndipo ndi choona. Kuno ku Kasungu fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala silisiya kanthu. Onjezani utsi wa koloboyi kapena wa moto wa m'nyumba, neti yoyera imasanduka yofiirira pa milungu yochepa. Ndipo ndinene mosabisa, kachapidwe kanga sikaibwezera kuyera komwe inabwera nako. Imachoka thukuta, fungo ndi fumbi lochuluka, koma mtundu umakhalabe wothimbirira. Ine ndinavomereza zimenezo. Kuthimbirira sikutanthauza kuti neti yasiya kugwira ntchito, pomwe kuyera kobwera ndi jiki kumalipiridwa ndi mankhwala. Chomwe chimathandiza kwambiri ndi kuchepetsa kuda komweko. M'mawa uliwonse ipindireni m'mwamba n'kuimanga mfundo, isamakhwekhwereke pansi, ana asamaseweremo, nkhuku zisamaikande, ndipo posesa m'chipinda muziwaza madzi kaye. Mwana akakodzera kapena kusanzira mbali imodzi, tsukani mbali yokhayo m'kabeseni, neti ili chikolekere. Palibe chifukwa chomiza neti yonse kaamba ka malo a chikhatho chimodzi.

Nkhani ya nsikidzi ndiyo imandivuta kwambiri, chifukwa wovutika nazo sagona, ndipo sungamuuze kuti apirire. Ambiri akaziona m'misoko ya neti amaithira madzi owira kapena kuiyanika padzuwa tsiku lonse. Koma nsikidzi zambiri sizikhala m'neti. Zimabisala m'ming'alu ya khoma, m'malumikiziro a bedi, m'mphasa ndi m'misoko ya matiresi. Madzi owirawo apite kubedi ndi kumphasa, matiresi ndi zofunda ndizo zipite padzuwa, ming'alu imatidwe. Za m'ngodya za neti muzichotse ndi manja, kenako muichape ndi madzi ozizira monga ndafotokozera. Mukawiritsa neti n'kusiya khoma momwe lilili, nsikidzi zibwerera, ndipo neti mwaiwononga.

Pali chinanso chomwe chimasokoneza anthu. Neti yatsopano nthawi zina imayabwa kumaso kapena kuyetsemulitsa masiku oyamba, ndiye ena amaichapa kawiri katatu asanagonemo kuti "ukali" uchoke. Kuyabwako kumatha kokha, makamaka ngati mwaiyanika pamthunzi tsiku lija, ndipo kutha kwake sikutanthauza kuti mankhwala atha. Mbali inayi, mphuno kapena maso sizingakuuzeni kuchuluka kwa mankhwala otsala. Kuona udzudzu wamoyo utatera paneti m'mawa kumakayikitsa, koma si umboni wokwanira, poti udzudzu wambiri m'Malawi muno unayamba kupirira ena mwa mankhwalawa. Chomwe mungadziwe motsimikiza ndi chaka chomwe munalandira neti, kangati mwaichapa, ndi mabowo omwe ili nawo. Ine ndimalemba tsiku lochapa pakalendala ya kukhoma. Ndipo neti yakale, ngakhale mukuikayikira, musaitaye kapena kukatchingira dimba musanapeze ina. Yosokedwa bwino imatchingabe udzudzu.

Neti ya alamu tinaisoka madzulo omwewo pakhonde, ndi singano ndi ulusi wamba. Timabowo ting'onoting'ono tinangotsina n'kumanga mfundo, la pangodya tinaikapo chigamba cha chitenje chakale n'kusokereranso kachingwe kake. Za apongozi ndinawauza alamu kuti ndikalankhula nawo ndekha, popeza ndi mayi anga, ndipo mawa ndikapita kumunda ndidzera kwawo.