PDF si PowerPoint, tumizani fayilo yeniyeniyo basi

Dzulo ndagona cha m'ma 1 koloko usiku chifukwa cha munthu wamkulu ndithu wa ku ofesi kwathu, dzina sinditchula koma akawerenga adzidziwa okha. Cha m'ma 8 madzulo anditumizira PDF pa WhatsApp, masilayidi 24, pansi pake alemba kuti "achimwene tangoitembenuzani ikhale PowerPoint musinthe manambala a mwezi uno, ka ntchito ka maminiti 5 basi, mitingi ndi mawa 9." Ndawafunsa kuti fayilo ya .pptx imene munapangira PDF iyi ili kuti, akuti inali pa laputopu ya mnyamata uja anasiya ntchito. Ndiye inu mukuti maminiti 5?

Anthu inu mvetsani, PDF ndi nsima yophika kale. Simungaibwezenso kukhala ufa. Mukamasunga PowerPoint ngati PDF, fayiloyo imangokumbukira kuti chilembo ichi chili apa, ka mzere aka kali apo, mtundu wake ndi uwu. Zoti uwu ndi mutu wa silayidi, iyi ndi tebulo, iyi ndi tchati, zambiri zimatayika pomwepo. Ndiye pulogalamu yotembenuza ija, kaya ndi Acrobat yolipira ija kaya ndi mawebusayiti aulere aja, imangolosera. PowerPoint payokha sitsegula n'komwe PDF, Word ndi imene imayesako.

Ndatembenuza. Kuyang'ana koyamba zonse bwinobwino, mpaka ndinati mwina bwana akunena zoona. Kudina pa ndime yoyamba ya silayidi 3 kuti ndisinthe liwu limodzi, ndapeza mzere uliwonse uli m'kabokosi kakekake. Mizere 6, timabokosi 6. Kuwonjezera mawu awiri pa mzere woyamba, mawuwo sakutsikira mzere wachiwiri ayi, akungopinda m'kabokosi komweko n'kukwera pamwamba pa anzawo. Timadontho ta mabuleti tija nato tili patokha, ukasuntha mawu kadontho kakutsala pamalo pomwepo ngati mwana wosiyidwa pa depoti. Ndatsegula Selection Pane, ija ya Alt+F10, kuti ndione zili pa silayidi imodziyo, mndandanda wake wautali kuchita kutsika nawo. Kupita pa View, Outline View, mbee, mulibe kanthu, chifukwa palibe ngakhale mutu umodzi umene PowerPoint ikuuzindikira kuti ndi mutu. Mukaona Outline View ili mbee choncho dziwiranitu kuti tulo palibe.

Koma chimene chandipsetsa mtima kwambiri ndi matchati, poti ntchito yonse imene anandituma inali yosintha manambala. Tchati yeniyeni ya mu PowerPoint imakhala ndi ka Excel kumbuyo kwake, umadina batani lakumanja la mausi, Edit Data, kusintha nambala, mzati uja n'kukwera wokha. Yochokera mu PDF mulibe Edit Data. Mizati ija yasanduka timabokosi topentedwa basi, manambala a m'mbali ali paokha, ndipo tchati ya pa silayidi 11 yangobwera ngati chithunzi chimodzi. Ndiye mukufuna nditani, ndikoke mzati ndi mausi mpaka uoneke ngati wafika pa 47? Amenewo ndiye mabodza, mumitingi wina akafunsa mudzaloza ine. Ndachita kuwerenga manambala akale pa tchatipo ndi maso, kuwalemba pa pepala, kupita pa Insert, Chart, kumanganso matchati onse 5 kuyambira pansi. Pamene panalibe nambala pamwamba pa mzati ndinawaimbira foni 11 koloko usiku, adzuke nawonso.

Matebulo nawo chimodzimodzi. Imodzi yatuluka bwino, tebulo ndithu, koma ija inali ndi timabokosi tophatikiza pamwamba yangokhala mizere yojambula ndi manambala oyandama. Kuti uwonjezere mzere umodzi ndiye usunthe chilichonse ndi dzanja.

Ndiye pali nkhani ya mafonti. PDF kawirikawiri imanyamula zilembo zokhazo zimene zagwiritsidwa ntchito, osati fonti yonse, ndiye ngati fontiyo mulibe mu kompyuta yanu PowerPoint imangoikapo ina mwakachetechete osakuuzani. Mitu imene inkakwana mzere umodzi yayamba kusefukira. Ndipo ife olemba Malaŵi ndi ŵ wa kachipewa uja tili ndi vuto lathulathu, pa masilayidi awiri ŵ anasanduka kabokosi, dzina la dziko lomwe pa silayidi yoyamba, tangoganizani zikanaonekera pa pulojekita. Musanatembenuze tsegulani PDF mu Acrobat Reader, Ctrl+D, pitani pa Fonts, muone maina ake. Mukatembenuza, Replace Fonts imakuthandizani kusintha onse kamodzi, koma ŵ muyang'ane ndi maso anu silayidi iliyonse.

Logo imene inayenera kukhala pa Slide Master kamodzi kokha yabwera ngati chithunzi pa silayidi iliyonse, maulendo 24. Manotsi a wolankhula aja kulibe. Zoti mfundo zizituluka imodziimodzi kulibe, vidiyo yasanduka chithunzi chongoima. Izi musavutike n'kuzifufuza, mu PDF yanga sizinalowemo n'komwe, madzi akatayika saoleka.

Ndipo ine ndinali ndi mwayi, yanga inali silayidi imodzi pa tsamba. Ena amakutumizira ija ya masilayidi 6 pa pepala limodzi la A4, ukatembenuza umapeza timasilayidi 6 tothinana pa silayidi imodzi yoimirira. Ena amachita kusikana pepala. Yesani kaye kusankha mawu ndi mausi mu PDF, akakana kusankhika ndiye kuti ndi chithunzi chimenecho, pakufunika OCR, pulogalamu yowerenga zilembo za pa chithunzi n'kuzisandutsa mawu, ndipo OCR imatha kuwerenga 0 ngati O, 1 ngati l, pa manambala a ndalama ndiye mwaphedwa.

Sindikuti kutembenuza n'kosathandiza. Ngati mukungofuna kuonetsa, tsegulani PDF yomweyo, Ctrl+L mu Acrobat Reader, idzaza sikirini yonse, palibe adziwe. Ngati mukufuna mawu ndi zithunzi, tembenuzani, mutolemo zimene mukufuna, mukaziike mu fayilo yatsopano yokhala ndi maleyauti enieni. Koma musamanamize anthu kuti ndi maminiti 5. Ine zanditengera maola 5. Mwina ena amaopa kuti tiwabera masilayidi, mwina sadziwa kusiyana kwake, zawo izo. Mukufuna munthu asinthe zinthu, mpatseni .pptx. Mukufuna angowerenga, mpatseni PDF. Mukatumiza PDF n'kumati sintha, mwampatsa nsima kuti akapete.

Komanso inu amene mumakweza malipoti a ofesi, a malipiro a anthu ndi maina awo omwe, pa webusayiti iliyonse yaulere imene yatuluka koyamba pa Google, mukudziwa kuti fayiloyo ikukafikira pa kompyuta ya ndani? Mawa zikatuluka muzidzati atilodza.

M'mawa uno 8 koloko, ndikulowa mu ofesi maso ali psuu, bwana aja akuti "aa achimwene pepani, ija ya PowerPoint ndaipeza, inali mu imelo."