Nambala 27 sinaphepo woimba aliyense, tisiye kunamizana

Ndakwiya ndipo sindibisa. Loweruka lapitali mwana wa achemwali anga, yemwe amaimba gitala m'kagulu kena koimba m'mabala, anakwanitsa zaka 27. Tinasonkhana pakhomo, nsima ndi nkhuku zilipo, keke ili patebulo. Mnzake wina wa m'bandimo anadzuka botolo lili m'manja nati: "Aise, samala chaka chino. Oimba enieni amapita ali ndi 27. Ukangodutsa chaka chino basi wapulumuka." Anyamata onse anaseka n'kumuthirira wina m'kapu. Mwini tsikulo anali atakhuta kale mowa dzuwa lisanalowe, maso ali psuu, manja akunjenjemera podula keke. Palibe anayang'ana manjawo. Aliyense maso anali pa makandulo awiri aja, 2 ndi 7.

Kutada achemwali anandiitanira kukhitchini nkhope ili yakugwa. Akuti anaona kavidiyo pafoni konena kuti oimba otchuka amagulitsa mzimu wawo kwa Satana ndipo iye amadzatenga zake akakwana zaka 27. "Achimwene, kodi ndi zoona? Timutengere kumapemphero?" Mayi wamantha chifukwa cha bodza, pomwe choopsa chenicheni chili pabalaza m'kapu ya mwana wawo.

Nambala siipha munthu. 27 ndi nambala chabe ngati 26 ndi 28.

Bodzali lili ndi komwe linachokera, ndipo si kutali. Brian Jones wa gulu la Rolling Stones anapezeka atamira m'dziwe losambira kunyumba kwake pa 3 Julayi 1969. Jimi Hendrix anamwalira ku London pa 18 Sepitembala 1970 atamwa mapilitsi ambiri ogonetsa. Patangopita masabata awiri ndi masiku ochepa, pa 4 Okutobala, Janis Joplin anapezeka atafa m'chipinda cha hotela ku Los Angeles chifukwa cha heroini. Jim Morrison wa gulu la The Doors anafera ku Paris pa 3 Julayi 1971. Anayi onsewa anali ndi zaka 27, ndipo kuchokera pa woyamba kufika pa wotsiriza ndi zaka ziwiri ndendende. Inde, zimadabwitsa. Koma taonani zaka zomwe anabadwa: onse ndi a 1942 ndi 1943. Ndi anthu a msinkhu umodzi, anatchuka nthawi imodzi, anamira m'mowa ndi mankhwala ozunguza bongo nthawi imodzi. Kodi akanati afe motsatizana chonchi, akanakhala osiyana zaka zingati?

Ngakhale pamenepo dzina loti Gulu la 27 linali lisanafale. Linagwira moto mu Epulo 1994 pomwe Kurt Cobain wa Nirvana anadzipha kunyumba kwake ku Seattle, nayenso ali ndi 27. Apa mpamene atolankhani anabwerera m'mbuyo kukafukula manda. Anakatola ngakhale Robert Johnson, woimba gitala wa ku Mississippi yemwe anamwalira mu 1938, amene anthu ankamunenera kale kuti anakumana ndi Satana pamphambano usiku. Nkhani ya Satana yomwe yaopseza achemwali anga inalowera pamenepo. Amy Winehouse atamwalira ku London pa 23 Julayi 2011, anthu anangoti mwaona, tinanena ife.

Munanena chiyani? Munangosankha maliro omwe akugwirizana ndi nthano yanu, enawo n'kuwasiya. Buddy Holly anafa ali ndi zaka 22. Ian Curtis 23. Tupac 25. Otis Redding 26. Avicii 28. Keith Moon ndi John Bonham, oimba ng'oma awiri otchuka zedi, onse anapita ali ndi 32. Bob Marley 36. Bwanji simunapange gulu la 32? Chifukwa palibe anakuuzani kuti muziwerenga a 32. Munthu ukagula njinga yofiira umayamba kuona njinga zofiira ponseponse, pomwe zinalipo kale.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Alipo anthu omwe anadekha n'kuwerenga bwinobwino, osati kungoloweza mayina asanu ndi limodzi.

Amy Winehouse atangomwalira, akatswiri anayi a masamu a zaumoyo, mwa iwo Martin Wolkewitz ndi Adrian Barnett, anafufuza nkhaniyi ndipo zotsatira zinatuluka m'magazini ya madokotala ya BMJ mu Disembala 2011. Njira yawo ndi yomwe ndikufuna muimvetse, chifukwa ndi pomwe bodzali limafera. Sanayambire kumanda. Mukayambira kumanda mumangoona omwe mukuwafuna. Iwo anayamba ndi kaundula wa oimba onse omwe chimbale chawo chinafikapo pa nambala wani ku Britain kuyambira 1956 mpaka 2007, amoyo ndi akufa omwe. Anapezeka 1,046. Mwa amenewa, 71 anali atamwalira. Kenaka pa msinkhu uliwonse anafunsa funso limodzi: mwa oimba omwe anafika msinkhu umenewu ali otchuka kale, ndi angati anafa asanaudutse?

Pa zaka 27 panali oimba 522. Omwalira anali atatu. Atatu basi! Enawo, oposa 500, anadutsa n'kukadya keke ya 28. Mukagawa 3 ndi 522 mupeza 0.57 pa 100 aliwonse. Pa zaka 25 panatuluka 0.56, pa zaka 32 panatuluka 0.54. Kusiyana kwake kuli pati? Palibe phiri pa 27, ndi chigwa chofanana ndi zaka zoyandikana nazo.

Wina anena kuti kafukufukuyu anasiya Hendrix, Joplin ndi Morrison. Zoona, anawasiya, popeza atatuwa analibe chimbale cha nambala wani ku Britain, ndipo eni kafukufukuyo anazinena okha poyera. Ndiye tiyeni kwa Dianna Kenny wa ku Yunivesite ya Sydney, yemwe anatenga njira ina: anasonkhanitsa oimba oposa 11,000 omwe anamwalira pakati pa 1950 ndi 2010, n'kuona zaka zomwe aliyense anafera. Omwe anafa ali ndi 27 anali 1.3 pa 100 aliwonse. A zaka 28 anali ochulukirapo pang'ono, 1.4. Msinkhu womwe unatenga oimba ambiri kuposa wina uliwonse unali 56. Munamvapo wina akunjenjemera ndi gulu la 56?

Njira ziwiri zosiyana, yankho limodzi. 27 ilibe mlandu.

Chomwe nambalayi imachita ndi china, ndipo n'chonyansa. Kafukufuku wa mu 2024 wa Zackary Dunivin ndi Patrick Kaminski anaunika masamba a Wikipedia a anthu otchuka oposa 300,000. Nawonso sanapeze kuti 27 imapha kuposa zaka zina, koma anapeza kuti omwe anafa ali ndi 27 masamba awo amawerengedwa kwambiri kuposa a anzawo omwe anafa ali ndi zaka zoyandikira. Ndiye kuti ife tomwe ndife tikudyetsa nthanoyi. Woimba wosadziwika kwenikweni akafa ali ndi 27 dzina lake limalowa pamndandanda, anthu n'kumalifunafuna, mndandanda n'kumatalika, wina n'kudzati taonani kuchuluka kwake. Tikufukiza tokha utsi kenaka n'kumakuwa kuti kwabuka moto.

Tsono chomwe chikundipweteka mtima kwambiri ndi ichi. Kafukufuku wa BMJ uja anapezanso chinthu china chomwe anyamata a pa keke aja sachidziwa: oimba otchukawo, pa zaka zawo za m'ma 20 ndi m'ma 30, anali pa chiopsezo cha imfa chochuluka kawiri kapena katatu poyerekeza ndi anthu wamba a ku Britain a msinkhu womwewo. Imvani bwino. Si chaka chimodzi choopsa ayi, ndi zaka makumi awiri zathunthu. Ndiye mawu oti "ukangodutsa chaka chino wapulumuka" ndi bodza lomwe lingaphe munthu. Wapulumuka chiyani, botolo likadali m'manja? Keith Moon ndi John Bonham anadutsa 27 bwinobwino. Patapita zaka zisanu, wina anafa ndi mapilitsi omwe anapatsidwa kuti amuthandize kusiya mowa, winayo anatsamwa ndi masanzi ali m'tulo atamwa mowa tsiku lonse.

Tengani Amy Winehouse yemweyo. Bwalo lofufuza za imfa yake linapeza kuti m'magazi mwake munali mowa wokwana mamiligalamu 416 pa mamililita 100 aliwonse. Malire oyendetsera galimoto kumeneko ndi 80. Kuposa kasanu. Anali atasiya kumwa kwa masabata angapo, kenaka n'kubwereranso mwamphamvu, ndipo m'chipinda chake munapezeka mabotolo a vodika opanda kanthu. Mowa ukafika pamenepo umagonetsa mbali ya ubongo yomwe imayendetsa kupuma, munthu n'kungosiya kupuma ali m'tulo. Imfa imeneyi ili ndi dzina, ili ndi muyeso, inalembedwa papepala ndi dokotala. Wina n'kumati ndi tsoka la 27? Mukumulanda mtsikanayu ngakhale choonadi cha imfa yake. Cobain anavutika ndi heroini komanso matenda a maganizo kwa zaka. Kumuika pachithunzi chokongola pamodzi ndi anzake ngati timu ya mpira yomwe yapambana chikho, n'kumauza achinyamata kuti oimba enieni amathera pamenepa, ndi nkhanza.

Ndipo timakonda zimenezi chifukwa nambala siitipatsa ntchito. Ukati ndi tsoka, ukati ndi Satana, ukati ndi 27, palibe amene akufunika kulanda botolo, palibe wofunika kukhala naye pansi mwanayo, palibe woperekeza kuchipatala. Timangodikira kalendala. N'chimodzimodzi munthu wakhala akutsokomola miyezi isanu osapita kuchipatala, akamwalira abale n'kuyamba kusaka mfiti.

Lamulungu m'mawa ndinamupeza muphwa wangayo atakhala pakhonde mutu uli m'manja. Ndinamufunsa kuti amamwa masiku angati pa sabata. Anati, "Amalume, tikaimba basi." Amaimba Lachinayi, Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu masana. Ndinamufunsa kuti m'mawa akadzuka manja amakhala bwanji. Anakhala chete. Achemwali ndawauza kuti kupemphera apemphere, ine sindiletsa, koma sabata ino tikupita naye kukaonana ndi adokotala, chifukwa munthu yemwe manja ayamba kunjenjemera akapanda kumwa sayenera kusiya mwadzidzidzi payekha, akhoza kukomoka. Pakadafunda padajiwitsa.

Ndipo inu eni mabala amene mumalipira anyamata oimba ndi kireti ya mowa m'malo mwa ndalama, ndikukuonani. Mwana aimbe kuyambira 8 koloko usiku mpaka tambala woyamba, zala zotupa, malipiro ake mabotolo khumi ndi ya minibasi? Mowawo akagulira sopo? Akalipira lendi? Muziwapatsa ndalama zawo m'manja.