Lekani kudzinamiza ndi bakitesiti ya mtengo wapakati

Sabata yathayi mnyamata wina amayendetsa chithunzi cha bakitesiti yake, komwe ndi kuyesa lamulo la malonda pa mitengo yakale, mzere wa phindu ukungokwera osagwako ngakhale pang'ono. Akuti wapeza lamulo logulitsira maopushoni a puti, makontilakiti opatsa wogula ufulu wogulitsa sheya pa mtengo womwe agwirizana, ndipo lamulolo limapambana ka 90 pa 100 paliponse. Atafunsidwa mtengo womwe anawerengera, anati wapakati pa bidi ndi asiki. Komishoni? Anati n'zochepa izo. Zaka zomwe anayesa? Zitatu zokha, za msika wabata. Abale inu, tikunamiza ndani?

Ndani anakuuzani kuti msika udzakupatsani mtengo wapakati? Wogulitsa mwachangu amalandira bidi, wogula amalipira asiki, ndipo wogulitsa opushoni amadutsa pakhomo limeneli kawiri, polowa ndi potuluka.

Tiyeni tiwerengere limodzi ndi manambala ongoyerekeza. Sheya ili pa madola 100, inu mukugulitsa puti ya sitiraiki ya 90, womwe ndi mtengo wogwirizana uja, kontilakiti imodzi ya masheya 100. Bidi ya putiyo ndi 0.90, asiki ndi 1.10 pa sheya iliyonse. Mwana wathu uja analemba kuti walandira madola 100, pamene m'thumba mukanalowa 90. Potseka, pamene mukugulanso puti ija, bidi ili pa 0.15, asiki pa 0.25. Iye analemba kuti walipira 20, koma oona ake ndi 25. Chotsanipo komishoni, tinene dola imodzi polowa ndi ina potuluka. Phindu la 80 lija lasanduka 63, msika usanachite chipongwe chilichonse.

Chomwe chimandipsetsa mtima kwambiri ndi nkhani ya potulukira zinthu zikavuta. Lamulo lake likuti opushoni ikakwera kufika pa 3.00 aigule n'kutuluka, ndiye kompyuta yalemba kuti nthawi iliyonse amaluza madola 200 ndendende. Kodi mtengo umaima pa 3.00 kudikira inuyo? Pa tsiku la mantha mpata wa bidi ndi asiki umakula, mumagula mwina pa 3.30, ndipo mwataya 242 kuphatikiza komishoni. Nanga nkhani yoipa ikatuluka usiku, sheya n'kudzuka ili pa 75? Puti ija singatsike pa madola 15, ndipo asiki ikhoza kukhala pa 17. Mwataya 1,612 m'mawa umodzi, phindu la maulendo pafupifupi 26 lapita, ndipo lamulo lanu lotulukira silinapeze ndi mpata womwe wogwira ntchito.

Pa maulendo 100, pepala la mnyamatayu likuonetsa 90 opambana ndi 80, khumi oluza 200, phindu lonse 5,200. Kuwerenga koona kukupereka 5,670 pa opambanawo, n'kuchotsa 2,178 pa maulendo asanu ndi anayi oluza mwachizolowezi ndi 1,612 ya usiku umodzi uja. Zatsala 1,880. Mausiku otere akakhala awiri, zatsala 510. Akakhala atatu, muli pansi ndi 860. Chiwerengero cha kupambana sichinasinthe, chidakali 90 pa 100, n'chifukwa chake munthu wongonyadira nambala imeneyo sindimumvera.

Ndipo masiku oterewa si nthano. Pa 19 Okutobala 1987, S&P 500, muyeso wa masheya a makampani akuluakulu a ku America, inagwa ndi maperesenti oposa 20 tsiku limodzi. Pa 5 Febuluwale 2018, VIX, muyeso wa mantha pa msika womwewo, inakwera kuposa kawiri tsiku limodzi. Pa 16 Malichi 2020, S&P 500 inatsika ndi maperesenti pafupifupi 12. Bakitesiti yanu ikuyambira pati? Mwasankha dala zaka zopanda masiku amenewa, kenaka mukuti lamulo langa ndi lolimba? Ngati mitengo yakale yomwe muli nayo sifika kumeneko, ikanimo tsiku lotero ndi dzanja lanu, sheya igwe ndi maperesenti 20 kapena 25 makontilakiti anu onse ali otsegula, muone chotsala mu akaunti.

Ena amati ndikanangodikira, msika unabwerera. Mukanadikira ndi ndalama za yani? Msika ukagwa majini, ndalama za chikole zomwe bulokala amafuna mu akaunti yanu, amakwera, ndipo bulokala amakutsekerani pa mtengo woipitsitsa osapempha chilolezo. Bakitesiti yosawerenga majini tsiku ndi tsiku imakusiyani mukusewerabe pamene akaunti yeniyeni inafa kale.

Enanso akugwiritsa ntchito mzati wa `last`, mtengo wa malonda omaliza, omwe pa opushoni yosayenda malonda angakhale a maola angapo apitawo. Ena ayesa masitiraiki ndi masiku otsekera mitundu 200 n'kutionetsa umodzi womwe waoneka bwino. Zaka zomwe munasankhira lamulo si zoyeserapo lamulolo. Patulani zaka zina zomwe simunazikhudze, muyese kamodzi kokha, kugulitsa pa `bid`, kugula pa `ask`, komishoni ili momwemo. Kenaka kulitsani mpata wa bidi ndi asiki kawiri muyesenso. Phindu likasowa pamenepo, chotsani chithunzi chanucho ndipo musakope nacho ana a anzanu.